Ndandanda yowerengera imayambira pa mbaula

Mwana wa achemwali anga a ku Mitundu anabwera kudzakhala nafe kuno ku Chinsapo atasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera, ndipo chaka chimene ndikunenachi anali mu Folomu 3. Teremu yoyamba itatha anabweretsa lipoti losakondweretsa, chifukwa masamu anapeza 38, fizikisi 41, pamene Chingerezi anangofika pa 52. Sindinamukalipire, koma iye mwini anachita manyazi, ndipo sukulu zitatsegulidwa mu Januwale ndinapeza wamata pepala kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwake. Linali pepala lojambulidwa bwino ndi rula, lokhala ndi mabokosi a masiku onse asanu ndi awiri, ndipo pamwamba pake analembapo kuti thaimutebulo, monga amanenera ana asukulu. Malinga ndi pepalalo, iye amayenera kudzuka 3 koloko usiku n'kuwerenga mpaka 5 koloko, kenaka madzulo kuyambanso 8 koloko mpaka 11 koloko. Amenewa ndi maola asanu pa tsiku, maola 35 pa sabata, ndipo tulo tinangotsala ndi maola anayi okha.

Ndandanda imeneyi inakhala masiku atatu. Lachinayi m'bandakucha nditadzuka kuti ndikatenge nsalu zimene ndinaiwala pakhonde, ndinamupeza atagona patebulo, tsaya lili pa kope la bayoloje, nyale ya sola ikuyakabe mofooka pambali pake. Madzulo a tsiku lomwelo nyemba zinapserera pa mbaula iye atakhala pomwepo, maso ali otseguka koma munthu kulibe. Chimene chinandigwira mtima pamene ndinayang'ananso pepala lake lija n'chakuti munalibe ngakhale bokosi limodzi lonena za madzi, za mbale kapena za kuphika, ngati kuti mwanayu amakhala ku sukulu yogonera komweko kumene belu likalira chakudya chimakhala chapsa kale. Iye anaona kuti ntchito zapakhomo n'zosakhudzika, choncho nthawi yowerengera anakaifuna kumene kunalibe womuletsa, ndiko ku tulo take.

Ine ndine telala, ndimasokera pakhonde panga, ndipo ndinazolowera kuti munthu suyamba kudula nsalu usanayeze mwini chovala. Ndinamuuza kuti achotse pepalalo, ndipo kwa sabata imodzi asasinthe chilichonse pa moyo wake koma azingolemba kumapeto kwa kope nthawi imene wayamba ntchito iliyonse ndi nthawi imene waimaliza. Ndinamubwereka wotchi yakale ya abambo akunyumba kuno kuti asamangoyerekeza. Iye anadabwa n'kundifunsa kuti, “Mayi, ndiye kuti sabata yonseyi ndisawerenge?” Ndinamuyankha kuti, “Uziwerenga monga umachitira masiku onse, mwanawe, koma nakonso kuwerengako uzikulemba, ndipo usandinamize pofuna kundisangalatsa.”

Lamulungu lotsatira tinakhala pansi ndi kope lija n'kuyamba kuchotsera. Sabata ili ndi maola 168. Mwana wa msinkhu wake amafunika kugona maola osachepera asanu ndi atatu, choncho tinayamba tachotsa maola 56 a tulo, kuyambira 9:30 usiku kufika 5:30 m'mawa, ndipo ndinamuuza kuti pa zonse zimene tikambirane, amenewa okha ndiwo sitidzawakhudza. Sukulu imamudyera maola asanu ndi anayi pa tsiku tikaphatikiza ndi ulendo, pakuti amanyamuka 6:30 m'mawa wapansi n'kubwerako cha m'ma 3:30 masana, ndiye kuti pa masiku asanu ndi maola 45. Tchalitchi cha Lamulungu ndi kwaya ya Loweruka zimatenga maola asanu ndi limodzi, pamene kudya, kusamba ndi kupuma pang'ono tinaziwerengera maola awiri pa tsiku, amene ndi 14 pa sabata. Pamenepa tinatsala ndi maola 47, ndipo mwanayo nkhope yake inawala poganiza kuti nthawi ilipo yambiri.

Kenaka tinawonkhetsa ntchito zapakhomo, ndipo apa ndi pamene ine ndinakhala chete. M'mawa uliwonse amasesa pabwalo, kukoleza moto ndi kutereka madzi osamba, zimene zimatenga mphindi 40. Akabwera kusukulu amapita kukatunga madzi kukiyosiki, maulendo atatu a chigubu cha malita 20, ndipo pamodzi ndi kudikira pamzere limakwana ola lathunthu. Kuphika chakudya chamadzulo, kuyambira kuyatsa makala mpaka kuomola nsima, ndi ola ndi theka, ndipo mbale zausiku ndi mphindi 30. Pa tsiku la sukulu ndiye kuti ndi maola atatu ndi mphindi 40. Tikawonjezera maola asanu a Loweruka, amene atatu mwa iwo ndi a kuchapa, ndi maola atatu a Lamulungu, ntchito zonse zinapitirira pang'ono maola 26 pa sabata. Mwana wanga wamwamuna, amene ali mu Sitandade 7 ndipo ali ndi mphamvu zosewera mpira mpaka mdima, ntchito yake yodziwika inali kuthirira maluwa ndi kukagula makala, zimene sizinkafika ngakhale maola atatu.

Pa pepala panatsalabe maola pafupifupi 21, koma kope linasonyeza kuti pa sabata yonseyo mtsikanayu anawerenga maola osakwana asanu ndi limodzi. Kusiyana kumeneku ndiko kunandiphunzitsa zambiri kuposa manambala ena onse. Maola otsalawo sanali pamodzi, koma anali odukaduka ngati zidutswa za nsalu zimene zimagwa pansi pa makina anga, zimene ukaziunjika zimaoneka zambiri koma sungasokemo ngakhale bulauzi ya mwana. Panali mphindi 20 pakati pa madzi ndi kuphika, mphindi 15 podikira kuti ena amalize kudya, ndipo pamene papezeka mpata wokulirapo, wina amamuitana. Woitana kwambiri ndinali ine. M'kope muja munali mizere yonga yakuti “4:50, kukagula ulusi wakuda,” “5:10, kukapereka diresi kwa amayi a kuseri,” “5:25, kukatenga mwana kwa aneba,” ndipo nditaiwerenga mizere yotereyi inakwana 17 pa sabata imodzi. Kutuma mwana kumaoneka kochepa kwa wotumayo chifukwa ulendo wake ndi wa mphindi zisanu, koma amene anali pakati pa samu akabwerako amayenera kuyambiranso pamwamba kuti akumbukire pamene anasiyira.

Kuchokera pamenepo ndinatsimikiza mumtima kuti ndandanda yowerengera ya mwana amene amagwira ntchito zapakhomo singalembedwe ndi mwanayo payekha, popeza nthawi imene akufuna kuigawayo ili m'manja mwa akuluakulu. Choyamba kulembedwa ndi ndandanda ya ntchito za banja lonse, ndipo maphunziro amadzalowa m'mipata imene yatseguka. Tinakambirana patebulo titatha kudya, tonse anayi, wamng'ono wa zaka zinayi atagona kale. Sindinafune kuti mtsikanayu amasulidwe ku ntchito zonse, chifukwa pakhomo pano aliyense amene amadya amagwirako ntchito, ndiponso mwana wokhala kwa achibale akangokhala manja lende amayamba kudzimva mlendo. Chimene ndinkafuna chinali chakuti ntchito zake zikhale zodziwika, zokhala ndi poyambira ndi pothera.

Tinagwirizana motere. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu mnyamata ndiye azitunga madzi ndi kutsuka mbale zausiku, ndipo mtsikana aziphika. Lachiwiri ndi Lachinayi ine ndizitseka makina msanga n'kuphika, pamene mtsikana azitunga madzi ndi kutsuka mbale. Mfundo yake inali yosavuta kukumbukira: wophika satunga ndipo satsuka tsiku limenelo. Mnyamatayo anayesa kukana ponena kuti pamzere wa madzi pamakhala akazi okhaokha ndipo anzake adzamuseka, koma abambo ake anamufunsa mofatsa kuti, “Kodi iwe, madzi amene achemwali ako amasenzawa, posamba anzakowo amakusekanso?” Nkhani inathera pomwepo, ngakhale kuti sabata yoyamba ankabwera ndi zigubu zosadzaza. Kusintha kumeneku kunachotsa maola atatu a madzi, maola atatu a kuphika ndi ola ndi theka la mbale, ndipo ntchito za mtsikanayu zinatsika kuchoka pa maola 26 kufika pafupifupi 19. Chachikulu sichinali kuchepa kwa maolawo, koma chakuti tsiku lililonse la sukulu panapezeka mpata umodzi wathunthu woposa ola, usiku usanafike.

Pa masiku ake ophika amafika pakhomo 3:30, amadya n'kupuma mpaka 4:15, ndipo amawerenga kufikira 5:30 pamene amakayatsa mbaula. Mphindi 45 zopumazo poyamba iye ankaziona ngati kutaya nthawi, koma munthu amene wayenda wapansi padzuwa atakhala m'kalasi tsiku lonse akangofikira m'buku amangoyang'ana zilembo. Mpata wa mphindi 75 umenewu tinaugawa pawiri, mphindi 35 za phunziro limodzi, mphindi zisanu zoimirira ndi kumwa madzi, kenaka mphindi 35 za phunziro lina. Pa masiku ake otunga madzi amapita kukiyosiki 4 koloko, amabwerako 5 koloko, amasamba, ndipo amawerenga kuyambira 5:15 mpaka 6:45 ine ndili kukhitchini, magawo awiri a mphindi 40 ndi mphindi khumi zopuma pakati. Tikatha kudya pamakhala kagawo kena kausiku, ola limodzi pa Lolemba ndi Lachitatu, mphindi 45 pa Lachiwiri ndi Lachinayi chifukwa cha mbale zija, ndipo Lachisanu usiku tinausiya wopanda kanthu kuti azicheza ndi anzake kapena kumvera wailesi. Loweruka akamaliza kuchapa amakhala pansi kuyambira 10 koloko mpaka 12 koloko. Zonse pamodzi ndi maola 12 ndi mphindi 15 pa sabata. Ataona nambala imeneyi anakhumudwa poiyerekeza ndi 35 wake uja, koma ndinamukumbutsa kuti woyenera kuyerekeza naye ndi maola asanu ndi limodzi amene ankawerengadi.

Kugawa maphunziro m'mipatayi kunatitengera nthawi kuposa momwe ndinkaganizira, chifukwa iye ankafuna kuti maphunziro ake onse asanu ndi atatu alandire nthawi yofanana, akuti kuti pasakhale lokondedwa. Koma mayeso a MSCE, amene bungwe la MANEB limalembetsa kumapeto kwa Folomu 4, ali ndi malamulo ake amene ndandanda iyenera kuwamvera. Phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9, pamene 1 ndi 2 ndi kupambana kwambiri, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kukhoza chabe, ndipo 9 ndi kulephera. Mapointi amene anthu amafunsana mayeso akatuluka amachokera pa maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wachita bwino koposa, ndipo amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale ena onse atakhoza. Choncho 52 wake wa Chingerezi uja, amene iye ankamuona ngati wabwino poyerekeza ndi masamu, sanali malo oti munthu n'kugonapo tulo.

Mipata yamasana ndi yamadzulo inatipatsa magawo khumi pa sabata. Masamu tinawapatsa magawo atatu, gawo loyamba la Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, imeneyo ndiyo nthawi imene mutu wake umakhala watsopano ndipo kunja kumakhala kukuwala, kotero kuti ngakhale magetsi atazima amatha kujambula magirafu ndi kuyeza makona atakhala pakhonde. Chachiwiri, masamu saphunziridwa powerenga koma pochita, ndipo kuchita mafunso asanu kapena asanu ndi limodzi katatu pa sabata kumasiya zambiri m'mutu kuposa kukhala nawo maola awiri kamodzi. Chimene munthu waphunzira chimafulumira kuiwalika m'masiku oyambirira, choncho kuchibwerera patapita tsiku limodzi kapena awiri, pamene chayamba kuzimiririka, ndiko kumachikhazikitsa. Chingerezi chinatenga gawo lachiwiri la Lolemba ndi Lachisanu, tsiku lina galamala ndi kufupikitsa nkhani, tsiku linalo kulemba chimangirizo cha tsamba limodzi. Jogirafe inalowa Lachitatu pambuyo pa masamu. Lachiwiri tinaika fizikisi kutsogolo ndi bayoloje pambuyo, Lachinayi kemisitiri kutsogolo ndi ulimi pambuyo, potsata lamulo lakuti phunziro lovuta liziyamba ndipo lokondedwa lizitsatira, chifukwa mwana akayamba ndi limene amalikonda salisiya mphindi 40 zikakwana. Chichewa, chimene amachita bwino, chinapita ku kagawo kausiku ka Lachiwiri, popeza mabuku a nkhani ndi ndakatulo amawerengeka ngakhale thupi litatopa.

Kagawo kausiku sikoyenera kuyambiramo mutu watsopano wovuta. Homuweki ya tsikulo ndiyo imayamba, ndipo ikatha amatseka makope onse n'kulemba papepala lopanda kanthu zimene akukumbukira pa maphunziro a tsikulo, kenaka n'kutsegula kope kuti aone zimene wasiya. Njira imeneyi anaikana poyamba chifukwa imachititsa manyazi, pakuti usiku woyamba anangolemba mizere inayi pa maphunziro a tsiku lonse. Iye anazolowera kukopera manotsi m'kope lina ndi zolembera za mitundu iwiri, ntchito imene imadzaza masamba ndipo imaoneka ngati khama, koma munthu angathe kuichita maganizo ali kwina. Maola awiri a Loweruka tinawasungira mapepala a mayeso akale, phunziro limodzi pa sabata mosinthana, ndipo amalemba wotchi ili patebulo, buku lotseka, ngati ali m'chipinda cha mayeso. Masayansi, amene m'kati mwa sabata amangopeza gawo limodzi lililonse, amabwera kawirikawiri pa Loweruka kuposa maphunziro ena.

Chinthu china chimene tinasintha ndi zolembedwa m'mabokosi. Bokosi longoti “masamu” silimuuza mwana chochita, ndipo mphindi khumi zoyamba zimatha akutembenuza masamba posankha poyambira, n'kuthera pa mutu umene amaudziwa kale. Tsopano Lamulungu madzulo amatenga pensulo n'kulemba m'bokosi lililonse ntchito yeniyeni ya sabata imeneyo, monga mafunso asanu ndi limodzi a pa tsamba lakutilakuti, kapena kujambula mtima wa munthu ndi kutchula zigawo zake osaonera. Mizere ya ndandanda ndi maina a maphunziro zili mu inki, koma ntchitozo zili mu pensulo kuti zizifufutika.

Anzanga ena nditawauza za ndandandayi anandilangiza kuti mwana aziwerenga akugwira ntchito, buku dzanja lina, mthiko dzanja lina. Tinayesa, ndipo ndinganene kuti zimatheka pa ntchito zochepa zokha, zimene kwenikweni ndi kudikira. Pamzere wa madzi, kapena nyemba zikuwira pa mbaula, amatulutsa timapepala timene anadula ku katoni ya sopo, mbali ina funso, mbali ina yankho, n'kumadzifunsa matanthauzo a mawu a mu bayoloje kapena zizindikiro za mu kemisitiri. Koma povundula nsima, podula masamba ndi mpeni kapena poyang'anira mwana wamng'ono pafupi ndi moto, buku lilibe malo. Mphindi zoterezi sitinaziwerengere pa maola 12 aja, chifukwa tsiku lina mzere umakhala wautali, tsiku lina kulibe, ndipo ndandanda yodalira mzere wa pakiyosiki ndi yomangidwa pamchenga.

Za kutuma kuja ndinadziikira lamulo ndekha. Ulusi, zipi ndi mabatani ndimaziona masana, ndipo ngati pali chofunika kugula ndimamutuma nthawi yowerenga isanakwane kapena ndimadikira mnyamata. Tinagwirizananso kuti akakhala pa mpando wofiira wa pulasitiki pakona ya khonde, ndiye kuti ali kusukulu, palibe womuitana. Ndivomere kuti woyamba kuphwanya lamuloli ndinali ine ndemwe, Lachitatu la sabata yachiwiri, kasitomala atabwera mwadzidzidzi ndipo ndinalibe chenje. Ndinaitana kawiri, ndipo mwanayo anaimirira monga mwa ulemu wake, koma asanatenge ndalamayo anangoti, “Mayi, mpando uja ndi wofiira.” Tonse tinaseka, kasitomala anadabwa, ndipo chenje ndinakachifuna ndekha kuokala.

Palibe sabata ya pakhomo imene imayenda monga yalembedwera. Kumagwa maliro, kumabwera alendo ochokera kumudzi amene amafunika kuwaphikira ndi kuwapatsa chipinda, ndipo masiku ena pampopi pamauma masana onse, madzi n'kudzabwera usiku. Chifukwa cha ichi tinasiya bokosi limodzi lopanda phunziro, Lamulungu kuyambira 3 koloko mpaka 4:30 masana, limene timalitcha nthawi ya ngongole. Gawo likaphonyeka m'kati mwa sabata, saliwonjezera pa tsiku lotsatira ndipo sadula tulo pofuna kulibweza, koma limadikira Lamulungu. Ngati palibe chimene chaphonyeka, nthawiyo ndi yake, achite nayo zimene akufuna. Ngongole ikaposa ola ndi theka limenelo, amasankha magawo awiri ofunika kwambiri, masamu ndi Chingerezi patsogolo, ndipo zotsalazo zimakhululukidwa. Ndinaumirira pa kukhululuka kumeneku chifukwa ndandanda zambiri za ana zimafa pamene ngongole yachuluka mpaka mwana ayamba kuopa kuyang'ana kuseri kwa chitseko.

Kuti tidziwe ngati ndandanda ikugwira, gawo lililonse likatha amaikapo chizindikiro, chongi ngati lachitika lonse, kamzere ngati lachitika theka, mtanda ngati silinachitike. Zizindikirozi si zoweruzira mwana koma zoyezera ndandandayo. Mitanda yomwazikana apa ndi apo ndi moyo wa masiku onse, koma mtanda ukagwa pa bokosi lomwelo masabata atatu otsatizana, ndiye kuti bokosilo lili pamalo olakwika. Ife zinatichitikira pa Lachinayi madzulo. Titafufuza tinapeza kuti tsiku limenelo kalasi yake imatsalira kusesa ndi kukolopa, amafika pakhomo cha m'ma 4:30, madzi amamaliza 5:30, ndipo pamene akusamba nthawi ya kemisitiri imakhala yapita. Sitinamuuze kuti azifulumira. Tinasinthanitsa masiku a madzi, mnyamata n'kutenga Lachinayi, iye n'kutenga Loweruka m'mawa madzi onse ochapira amene kale ankagawana, ndipo mitanda ija inatha. Chizindikiro china chimene ndimayang'ana sichili papepala: akayamba kudzuka movutikira, kapena akanena yekha kuti amasinza m'kalasi ikapitirira 11 koloko, ndimadziwa kuti wayambanso kuba nthawi ya tulo, ndipo nyale ya sola ndimagona nayo kuchipinda kwanga.

Palinso vuto lobisika, lakuti machongi akhoza kudzaza pepala koma malikisi osasuntha. Mwezi woyamba utatha, mayeso a pakati pa teremu anasonyeza kuti masamu akwera kufika pa 47, koma fizikisi inali pomwe paja ngakhale bokosi lake linali ndi machongi okhaokha. Nditakhala naye Lachiwiri lina ndinaona kuti mphindi 40 zonse amangowerenga mafomyula mobwereza, osayesa funso ngakhale limodzi, chifukwa pali mutu umene sanaumve m'kalasi ndipo ankaopa kufunsa. Ndandanda singaphunzitse chimene mwana sanamve, imangopereka nthawi. Chimene tinachita n'chakuti kumapeto kwa gawo lililonse azilemba funso limodzi limene lamukanika n'kupita nalo kwa aphunzitsi kapena kwa mnzake m'mawa mwake, ndipo Loweruka lina lililonse mnzake wa m'kalasi amene fizikisi amaimva amabwera kudzalemba naye pepala lakale pakhonde pano.

Ndandanda ya mu Januwale sinakhale yomweyo mpaka chaka kutha, chifukwa dzuwa la ku Lilongwe silikhala pamodzi. M'nyengo ya mvula kumacha msanga ndipo dzuwa limalowa 6 koloko itapitirira, kotero kuti gawo la 5:15 limayamba kukuwala bwino, ndiponso mvula ikagwa timatchera madzi a padenga m'ndowa, ulendo wa kukiyosiki n'kuchepa. Pofika mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 5:30, m'mawa kumacha mochedwa ndipo kumazizira, madzi osamba amafuna moto wambiri, ndipo mphindi 40 za m'mawa zija zimatalika. Teremu yachitatu itayamba tinakhalanso pansi ndi kope. Pa Lachiwiri tinatembenuza dongosolo kuti aziyamba ndi fizikisi 4:15 kukuwala, madzi azikatunga 5 koloko, ndipo bayoloje tinaisunthira ku kagawo kausiku, Chichewa n'kupita Lachisanu usiku kwa mphindi 30 zokha. Nyale ya sola inapatsidwa malo ake padenga la bafa, ndipo kuiika padzuwa m'mawa uliwonse asanapite kusukulu tinakulemba pa ndandanda ya ntchito za mnyamata, pansi pa mbale.